Chiwongoladzanja chabwera, koma matumba achepa

"Ndinagulitsa mbuzi zanga ku Ngabu chaka chatha n'kusunga K500,000 ku banki pa fikisidi ya 12 peresenti. Chiwongoladzanja ndalandira, koma ndalamayo ikugula zochepa kuposa kale. Kodi andibera?" Atero bambo wina wa ku Bangula m'kalata yomwe anditumizira pa imelo.

Bambo, sanakubereni. Banki inalonjeza kukuwonjezerani makwacha, ndipo yawonjezadi. Chimene sinalonjeze n'chakuti makwachawo adzagula zomwe ankagula tsiku lomwe munkawasungitsa.

Tiyeni tiwerengere limodzi. 12 peresenti ya K500,000 ndi K60,000. Pamenepo boma limadula msonkho wa 20 peresenti, womwe ndi K12,000, ndiye m'manja mwanu mwafika K548,000. Tsopano iwalani kaye makwacha, muwerenge matumba a chimanga. Tiyerekeze kuti thumba linali pa K50,000 pamene munkasungitsa, ndiye kuti munasungitsa matumba 10. Mitengo ikakwera ndi 30 peresenti pa chaka, monga zinkakhalira m'dziko muno mu 2024, thumba lomwelo lafika pa K65,000. Gawani K548,000 ndi K65,000, mupeza matumba 8 ndi kachigawo kosafika theka. Kuti mukhale pomwe munali, mukanafunika K650,000.

Phindu lenileni ndi limenelo, lowerengedwa ndi katundu. Poti mitengo yakwera ndi 30 peresenti, gawani ndalama yomwe mwalandira ndi 1.30, ikupatsani pafupifupi K421,500 ya mphamvu ya chaka chatha. Mwataya pafupifupi 16 peresenti ngakhale buku la ku banki likusonyeza kuti mwapindula. Zimandiwawa kuti anthu ambiri sauzidwa zimenezi posayina mapepala.

Komanso chiwerengero cha kukwera kwa mitengo chomwe ofesi yowona za kalembera ku Zomba imatulutsa mwezi ndi mwezi ndi cha dziko lonse. Kuno ku Chigwa cha Shire, komwe ndalama zambiri za pakhomo zimathera pa chakudya, madzi akasefukira monga muja anachitira namondwe Freddy mu Malichi 2023, kapena dzuwa likawotcha mbewu, chimanga chimakwera kuposa pamenepo. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza ndi katundu wina wochokera kunja anakwera nthawi yomweyo, koma chiwongoladzanja cha fikisidi chinakhala chomwe munthu anasayinira.

Musathamangire kukatapa ndalamayo kuti muzisunga m'nyumba. K500,000 yogona pansi pa mphasa ikanatsala ndi mphamvu ya K385,000 yokha, ndiye banki yakuchepetserani kutayako. Mbuzi zimakwera mtengo limodzi ndi zinthu zina, n'zoona, koma inu mukudziwa bwino kuposa ine za matenda, akuba ndi madzi osefukira.

Fikisidi ikatha, musalole kuti ingoyambiranso yokha. Funsani kuti mudzalandira zingati msonkho utachotsedwa, muyerekeze ndi kukwera kwa mitengo kwa pa chaka komwe kwalengezedwa mwezi umenewo, ndipo mufunsenso za matirezhale bilu a boma, njira yobwereketsa boma ndalama kwa miyezi ingapo, omwe nthawi zambiri amapereka zochuluka kuposa fikisidi wamba. Ngati ndalamayo ndi yodzagulira malata kapena chimanga cha miyezi ya njala, ndipo muli ndi malo abwino osungira, gulani panopa.