Kampani ya K120 miliyoni, koma zanu ndi zingati pamenepo?

"Ndimalima soya kuno kwa Kamwendo ku Mchinji. Alamu anga ali ndi kampani yogula mbewu, ndipo akuti ndilowemo ndi K12 miliyoni andipatse magawo 10 pa 100 alionse, poti balansi shiti yawo ikuonetsa K120 miliyoni. Pepalalo ndakutumizirani. Kodi ndiliwerenge bwanji? Mtengowu ndi woyenera?"

Zikomo achimwene. Pepalalo ndaliona, ndipo ndiyambe ndi yankho lachindunji: K120 miliyoni ija si chuma cha alamu anu ayi. Ndi mtengo wa zonse zimene zili m'manja mwa kampani, zogula ndi ndalama zawo pamodzi ndi zogula ndi ndalama za anthu ena. Kuti muone zawo zenizeni, tengani pepala lina, mulembe mizere iwiri kuti pakhale madanga atatu, tisamutse manambala limodzi ndi limodzi.

Danga loyamba ndi la katundu: chilichonse chimene kampani ili nacho, komanso ndalama zimene ikuyembekeza kulandira kwa amene anatenga zinthu pa ngongole. Lachiwiri ndi la ngongole: zonse zimene kampani iyenera kulipira ena. Lachitatu ndi gawo la eni, kutanthauza zotsala mukachotsa ngongole pa katundu. Mapepalawa amalembedwa m'Chingerezi, ndiye funani mizere itatu iyi: `Total assets`, `Total liabilities` ndi `Total equity`. Lamulo lake silisintha:

```
Katundu = Ngongole + Gawo la eni
```

Pa pepala lanu, katundu ndi K120 miliyoni, ngongole K80 miliyoni, gawo la eni K40 miliyoni. Mbali ziwirizi kufanana kwake si umboni woti bizinesi ikuyenda bwino. Zimafanana nthawi zonse chifukwa gawo la eni limangopezeka pochotsera. Ngakhale kampani imene itseke mawa, balansi shiti yake imakhala yofanana mbali zonse.

Ndiye magawo 10 pa 100 a K40 miliyoni ndi K4 miliyoni basi. Ngati ndalama yanu ikupita m'thumba mwa alamu, mukugula chinthu cha K4 miliyoni pa mtengo wa K12 miliyoni. Ngati ikulowa mu akaunti ya kampani ngati mpamba watsopano, gawo la eni likwera kufika K52 miliyoni, ndipo lanu likhala K5.2 miliyoni. Funso limeneli, loti ndalama ikupita kuti, mufunse musanafunse china chilichonse, ndipo yankho lake lilembedwe.

Sindikunena kuti alamu anu akufuna kukuberani. Anthu ambiri ochita malonda amawerengera zimene maso akuona, nyumba, lole, matumba, n'kuiwala kuti banki nayo ili ndi dzanja pa zomwezo. Komanso kampani imene imapanga phindu lalikulu chaka ndi chaka imatha kugulidwa pa mtengo woposa wa m'mabuku. Koma kuti mulipire kuposa kawiri kapena katatu, pafunika umboni wa phindu la zaka zingapo, ndipo pepala ili, monga muone kutsogoloku, silikupereka umboni umenewo.

Tibwerere ku danga la katundu, poti silonse lofanana. Pali katundu wokhalitsa, amene kampani imagwiritsa ntchito zaka zambiri osati wogulitsa: malo ndi nyumba yosungiramo mbewu K40 miliyoni, lole K22 miliyoni, masikelo ndi makina opetera K6 miliyoni. Zonse K68 miliyoni. Ndiye pali katundu amene asanduke ndalama pasanathe miyezi 12: soya ndi mtedza m'matumba K30 miliyoni, ndalama zimene ogula sanalipire K18 miliyoni, ndi ndalama yeniyeni ku banki ndi m'kabati K4 miliyoni. Zonse K52 miliyoni.

Pa manambala onsewa, limodzi lokha ndi limene mungalitsimikize mosavuta ndi sitetimenti ya ku banki, ndilo K4 miliyoni. Ena onse ndi oti munthu anachita kuyerekeza kapena kuwerenga, ndipo n'koyenera kuti nanunso mukawerenge.

Yambani ndi matumba. Tiyerekeze kuti thumba la makilogalamu 50 analigula pa K60,000. Ndiye kuti m'nyumba muja muyenera kupezeka matumba 500. Pitani mukaone. Werengani mulu umodzi m'litali, m'lifupi ndi m'mwamba, muchulukitse, ndipo mupemphe kuti akutsitsireni matumba angapo a pakati ndi a pansi. Apansi ndi amene amanena zoona: ngati aikidwa pa simenti popanda mathabwa amayamba chinyezi, soya amada, mtedza umachita chuku, ndipo ogula akuluakulu amaukana kapena kudula mtengo. Inu monga mlimi mukudziwanso kuti mbewu yogula isanaumitsitse imapepuka ikakhala m'nyumba. Lamulo la owerengera ndalama limati katundu wogulitsa alembedwe pa mtengo wotsika pakati pa umene anagulira ndi umene angapeze akagulitsa. Ngati mtengo wa pa msika wagwa koma pepala likadali pa mtengo wogulira, nambala imeneyo ndi yonenepa.

K18 miliyoni ya ogula osalipira ndiye imandidetsa nkhawa kwambiri. Pemphani mndandanda wake: ndani, zingati, kuyambira liti. Ngongole ya masabata atatu kwa kampani yopanga zakudya za nkhuku imene imalipira nthawi zonse ndi ndalama ndithu. Ngongole ya miyezi isanu ndi inayi kwa munthu amene anawolotsa katundu pa chipata cha Mwami kupita ku Chipata ndipo foni yake siikupezekanso, imeneyo yangotsala pa pepala. Mukapezanso kuti theka la ndalamazo lili kwa munthu mmodzi, dziwani kuti tsogolo la kampani lamangiriridwa pa munthu ameneyo.

Lole ndisatayepo nthawi. Onani buku lake ngati lili m'dzina la kampani osati la alamu, ndipo chimodzimodzi mapepala a malo. Chimene chili m'dzina la munthu si cha kampani, ngakhale chitalembedwa pa balansi shiti.

Tsopano danga la ngongole. Apa chofunika si kuchuluka kokha koma tsiku lolipira. Mwa K80 miliyoni, K25 miliyoni yokha ndi imene ili ndi nthawi yopitirira chaka. K55 miliyoni yotsalayo ikufunika m'miyezi 12 ikubwerayi: K10 miliyoni ya gawo la chaka chino la ngongole ya ku banki, K15 miliyoni ya ovadilafuti, kutanthauza ndalama zimene kampani yatapa ku banki kuposa zimene zinali mu akaunti yake, K24 miliyoni ya alimi ndi mavenda amene anapereka mbewu koma sanalandire ndalama, ndi K6 miliyoni ya msonkho ndi malipiro a antchito.

Ikani manambala awiri pafupi: zolowa posachedwa K52 miliyoni, zotuluka posachedwa K55 miliyoni. Ngakhale thumba lililonse litagulidwa pa mtengo wake ndipo wangongole aliyense atalipira, padzaperewerabe K3 miliyoni. Mukachotsapo matumba, poti sanagulidwe, patsala K22 miliyoni kuyang'anizana ndi K55 miliyoni. Kampani yotere imakakamizika kugulitsa mbewu msanga, pamene mitengo ikadali pansi, m'malo modikira kuti ikwere, chonsecho phindu la malonda a mbewu lagona pa kudikira komweko. Ndikuganiza kuti K12 miliyoni yanu ikufunidwa kuti itseke dzenje limeneli, osati kukagula mbewu zina. Si tchimo, koma mudziwe chimene mukulipirira. Ndipo alimi a K24 miliyoni aja ndi anansi anu. Mukakhala mmodzi wa eni, adzagogoda pa khomo panu.

Taonani mmene mphepo ikawomba imagwera mbali imodzi. Mtengo wa mbewu utatsika ndi gawo limodzi mwa asanu, matumba a K30 miliyoni akhala K24 miliyoni. Wangongole mmodzi wa K8 miliyoni atasowa, katundu yense watsika kufika K106 miliyoni. Ngongole ikadali K80 miliyoni, poti banki siichotsera munthu chifukwa soya wagwa mtengo. Gawo la eni latsika kuchoka pa K40 miliyoni kufika K26 miliyoni. Katundu wachepa pang'ono chabe, koma eni ataya kuposa gawo limodzi mwa atatu. Ndi mmene zimakhalira ngati pa kwacha iliyonse ya eni pali makwacha awiri a ngongole. Kampani ikatsekedwa, amene anaikongoza ndi amene amayamba kulipidwa, eni amatola zotsala ngati zilipo.

Funsaninso ngati pali ngongole ya m'madola, mwina ya zipangizo zochokera kunja. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene anali ndi ngongole ya madola 10,000 anagona ali ndi ngongole ya K11.8 miliyoni n'kudzuka ili K17 miliyoni, osakongolanso kanthu.

Danga lachitatu anthu amalidumpha, koma ndi limene limafotokoza mbiri ya kampani. K40 miliyoni ija yagawika patatu. Ndalama zimene eni anaikamo ndi K15 miliyoni. Phindu limene lasungidwa chiyambire kampani ndi K5 miliyoni. K20 miliyoni yotsalayo yabwera chifukwa chokweza mtengo wa nyumba ndi malo m'mabuku. Theka la gawo la eni silinachokere ku malonda, lachokera ku cholembera cha woyesa mtengo. Mwina nyumbayo yakweradi, poti kwacha yatha mphamvu, koma ndalama imeneyo simungalipire nayo mlimi pokhapokha nyumbayo itagulitsidwa, ndipo ngati ndi chikole ku banki, woyamba kudya ndi banki. Funsani amene anayesa mtengowo, chaka chake, ndipo muone lipoti lake. Phindu losungidwa la K5 miliyoni likutanthauza chimodzi mwa ziwiri: kampani siipindula kwenikweni, kapena eni amatapa phindu lonse chaka chilichonse. Zonse ziwiri zikukukhudzani, chifukwa wa magawo 10 pa 100 sangaletse anzake kutapa.

Onaninso tsiku limene lili pamwamba pa pepala: 30 Juni. Balansi shiti ili ngati chithunzi cha tsiku limodzi. Mwezi wa Juni ku Mchinji nyumba za mbewu zimakhala zodzaza, kuchokera ku Kapiri mpaka ku Mkanda masikelo ali opachikidwa pa mtengo uliwonse. Mwezi wa Januwale kampani yomweyo imaoneka ina. Choncho pemphani mapepala a zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo, a tsiku lomwelo, pamodzi ndi lipoti la phindu ndi zotayika. Mukaona ngongole za ogula zikukula msanga kuposa malonda, ndiye kuti akugulitsa kwa anthu osalipira. Pepala limene mwanditumizirali lilibenso siginecha ya owerengera ndalama oima paokha. Pa ndalama yochuluka chonchi, kulipira akauntanti wovomerezeka ndi bungwe la owerengera ndalama la ICAM kuti aunike mabukuwo n'kotchipa.

Mukadzafuna kugula masheya pa msika wa masheya wa ku Blantyre, madanga atatu omwewa adzagwira ntchito, kungoti muonetsetse pamwamba ngati manambala ali m'masauzande kapena m'mamiliyoni. Mabanki okha musawayeze ndi muyeso wa kampani ya mbewu. Ndalama zimene anthu amasungitsa ku banki zimalembedwa ngati ngongole ya bankiyo, ndipo zimene yakongoza anthu ndiye katundu wake, choncho ngongole zake zimaposa gawo la eni kangapo popanda vuto.

Kwa alamu anu, ine ndikanapita ndi mawu awa: ndalama ilowe mu akaunti ya kampani, ndipo pa manambala awo omwe, K12 miliyoni pa K52 miliyoni ndi magawo 23 pa 100, osati 10. Kukambirana kuyambire pamenepo, mutawerenga matumba ndi kuona mndandanda wa ogula osalipira.