Chifuwa chasiya, bwanji ndizimwabe mankhwala a TB?

"Ndamwa mankhwala a TB miyezi iwiri ndi theka. Kutsokomola kunatha, ndikudya bwino, ndipo sikelo yakwera kuchoka pa makilo 49 kufika pa 56. Ndapeza ntchito ku esiteti ya fodya ku Kasungu, kutali ndi chipatala chathu. Kodi ndikalekera pomwepa pali vuto? Mkodzo wofiirawu ukundiopsanso."

Achimwene, musaleke. Ntchitoyo pitani mukagwire, koma mankhwala mupite nawo.

M'mapapo mwa wodwala TB tizilombo sitikhala tofanana. Tambiri timakhala tikuswana, ndipo n'timene timabweretsa kutsokomola, thukuta la usiku ndi kuwonda. Timeneti timafa msanga, m'masabata oyambirira. N'chifukwa chake mukumva bwino, ndipo kumva bwinoko n'koona. Koma pali tina tobisala m'zilonda za m'mapapo, tongokhala phee ngati tagona. Mankhwala amapha bwino kachilombo kamene kakudya ndi kuswana, ndiye togonati satikhudza kwenikweni mpaka titadzidzimuka. Timadzuka kanthawi kochepa, lero tina, sabata yamawa tina, ndipo mankhwala ayenera kupezeka m'magazi tsiku limene kalikonse kadzuke. Zili ngati nsikidzi: zoyenda pamphasa mumazitha tsiku limodzi, koma za m'ming'alu ya khoma zimatuluka mwakagona.

Miyezi iwiri yoyamba ija, piritsi lililonse munali mankhwala anayi: rifampisini, aisoniyazidi, pirazinamaidi ndi ethambutolo. Amawaphatikiza chifukwa pa tizilombo tochuluka chotero sipalephera kupezeka tingapo tosamva mtundu umodzi, koma tosamva mitundu yonse inayi n'tosowa kwambiri. Amene anakusinthirani panowa muli awiri okha, rifampisini ndi aisoniyazidi, ndipo ntchito yawo kwa miyezi inayi ndi kusaka togona tija. Odwala ambiri akaona mapiritsi asintha amati adokotala aona kuti achira. Ayi, apa m'pamene ntchito yoteteza kuti matenda asabwerere yayambira. Rifampisini asanabwere anthu ankamwa mankhwala a TB miyezi 18, choncho isanu ndi umodziyi ndi yodulidwa kale, palibenso pochotsa.

Mukalekeza lero, mwina mudzakhala bwinobwino miyezi ingapo. Kenako chifuwa chidzayambiranso, mapapo ali ndi zipsera kale, ndipo mudzakhala mukupatsiranso anzanu ogona nawo chipinda chimodzi ku esitetiko. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kumwa modumphadumpha, lero kumwa, mawa ayi, sabata yathunthu kuiwala. Kumeneko n'kumene kumapereka mpata kwa tizilombo tosamva mankhwala kuti tichulukane. TB yosamva mankhwala imachizika, koma ndi mankhwala ena ovuta kumwa, ofuna kuyezedwa pafupipafupi, ndipo kwa ena amatenga miyezi 18 kapena kupitirira.

Musananyamuke pitani kumene mumalandira mankhwala, muwauze za ulendowu. Akulemberani kalata yosamutsira ku chipatala chapafupi ndi esitetiyo, ndipo mupemphe mapiritsi okwanira kukufikitsani kumeneko. Mankhwala a TB ndi aulere m'dziko muno, kaya ku Kasungu kaya kwanu. Tengani khadi lanu ndi buku la kuchipatala. Muwakumbutsenso za sikelo. Mapiritsi amawerengera kulemera kwa thupi: pa makilo 49 mumamwa atatu, koma pa 56 mwalowa m'gulu la omwa anayi. Mukapitiriza atatu ndiye kuti mukumwa operewera osadziwa. Funsaninso zotsatira za makhololo amene munapereka pakutha pa mwezi wachiwiri. Adzayezanso mwezi wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi, ndipo zotsatira zimenezo ndi zimene zimanena kuti munthu wachira, osati mmene thupi likumvera.

Ntchito ya kumunda imayamba kusanache, ndiye imwani mukangodzuka, musanadye kanthu, n'kuchonga pakhadi nthawi yomweyo. Mukaiwala tsiku limodzi musaphatikize a masiku awiri, pitirizani monga mwa nthawi zonse ndipo mukanene kuchipatala.

Mkodzo wofiirawo ndi rifampisini akutuluka m'thupi, si magazi. Ngakhale thukuta ndi misozi zimatha kusintha mtundu. Mapazi akamachita dzanzi kapena kuyaka, pemphani vitamini B6. Zimene muyenera kuthamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo, musanamwenso piritsi lina, ndi maso achikasu, kusanza kosalekeza, kapena zidzolo thupi lonse, makamaka zikafika m'kamwa. Maso achikasuwo ndi chiwindi chikudandaula, n'chifukwa chake kachasu wa tsiku lamalipiro mumupewe mpaka mutamaliza. Ngati mumamwanso ma ARV, anenereni a ku Kasunguko tsiku loyamba lomwelo, chifukwa rifampisini amafooketsa ena mwa iwo ndipo pamafunika piritsi lowonjezera lamadzulo.