Memo yanu imveke ulemu, koma isabise lamulo

"Ndimagwira ntchito ya ulembi pa ofesi ina ku Lilongwe. Abwana anandiuza ndilembe memo ya m'Chichewa, ine ndinalemba chonchi: 'Anzanga, mawa kuli mitingi 8 koloko. Aliyense abwere, osachedwa. Ndiye ena mwa inu mukumathawa ntchito masana, musiye zimenezo. Amene ajombe aona zakuda.' Andibwezera, akuti ikumveka ngati yapamsika. Ndiikonze bwanji?"

Zikomo mayi pondilembera. Musataye mtima, chifukwa uthenga wonse ulimo kale. Chimene ndikukuoperani ndi choti mungakonze mopyola muyeso. Ndaonapo mamemo ambiri odzaza ndi "chonde" komanso "ngati nkotheka", mpaka wowerenga osadziwa ngati msonkhanowo ndi wokakamiza kapena wongobwera akafuna. Memo yotero ulemu ilinawo, koma ntchito yake sigwira.

Ndiye musanasinthe mawu aliwonse, sankhani mneni woyenera pa nkhani iliyonse. "Mukudziwitsidwa" ndi wa chinthu chimene chagamulidwa kale. "Mukukumbutsidwa" ndi wa lamulo limene anthu akulidziwa koma alilekerera. "Mukupemphedwa" ndi wofewa, moti akaima yekha munthu atha kuganiza kuti ali ndi ufulu wokana. Mu memo yanu msonkhano ndi chidziwitso, pomwe za kuchoka masana ndi chikumbutso.

Mawu oti "mawa" achokemo. Pepala limakhala pa bolodi masiku angapo, ndipo mlonda amene anali pa tchuthi akaliwerenga Lachinayi adzayesa kuti mawa lake ndi Lachisanu. Lembani tsiku, deti, nthawi ndi malo. Onjezaninso mutu wa zokambirana, kuti munthu wokwera minibasi kuchokera ku Chinsapo kapena ku Kawale adziwe chimene akulawirira.

Pamene pafunika kusamala kwambiri ndi pa "ena mwa inu mukumathawa ntchito". Apa mwaloza chala, ndipo mwaloza onse, ngakhale mayi okonza m'maofesi amene sanachokepo nthawi isanakwane. Komanso "kuthawa" ndi chigamulo, ngati kuti mlandu wazengedwa kale. Chichewa cha mu ofesi chimatchula khalidwe n'kusiya munthu: "zaoneka kuti ena akumachoka nthawi yoweruka isanakwane". Wolakwayo amadzimva yekha, wosalakwa sakhumudwa. "Aona zakuda" nayenso achoke. Ndi chiopsezo chopanda tanthauzo lenileni, ndipo chikalembedwa papepala chitha kudzatembenukira ofesi yomwe, poti lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limafuna kuti wantchito apatsidwe mwayi woyankhapo asanachotsedwe ntchito. M'malo moopseza, muuzeni munthu chochita ngati sangathe kufika.

Ine ndikanalemba motere:

Kwa: Ogwira ntchito onse
Kuchokera kwa: Mkulu wa Ofesi
Tsiku: 10 Juni
Mutu: Msonkhano wa ogwira ntchito onse

Mukudziwitsidwa kuti kudzakhala msonkhano wa ogwira ntchito onse Lachinayi pa 12 Juni, kuyambira 8 koloko m'mawa, m'chipinda chochitira misonkhano. Tidzakambirana za nthawi yoyamba ndi yoweruka ntchito. Aliyense akuyenera kudzapezekapo. Amene sangathe kufika pa zifukwa zomveka adziwitse mkulu wa gawo lake pofika Lachitatu 12 koloko masana.

Zaonekanso kuti ena akumachoka nthawi yoweruka isanakwane popanda chilolezo. Mukukumbutsidwa kuti wofuna kuchoka msanga ayambe wapempha chilolezo kwa mkulu wa gawo lake. Wosatsatira izi adzaitanidwa kuti adzafotokoze, molingana ndi malamulo a pa ntchito pano.

Zikomo chifukwa cha mgwirizano wanu.

Taonani kuti "chonde" mulibemo ngakhale mmodzi, koma palibe angati mwamunyoza. Ulemu wabwera chifukwa simunatchule munthu, simunamuweruze, ndiponso mwamupatsa njira yotulukira. "Akuyenera" wagwira ntchito imene "osachedwa" amafuna kugwira, popanda kukalipa. Ndachotsanso "anzanga", poti memoyi ikutuluka m'dzina la abwana anu, osati lanu. Moni wautali wofunsa za kunyumba ndi wa kalata ya kwa achibale, mu memo safunika.

Musanaipereke, iwerengeni mokweza ngati kuti mwaima pamaso pa wantchito wamkulu msinkhu kuposa onse, uja mumamupatsa moni mutapinda mawondo. Pamene lilime lachita manyazi, pamenepo pakonzedwe. Kenako mupatseni mesenjala awerenge kamodzi, mumufunse kuti msonkhano uliko liti, kuti, ndipo wolephera kubwera atani. Akadodoma pa funso limodzi, bwererani pa chiganizo chimenecho musanapite nayo kwa abwana kuti asayine.