Mabuku 60, mzere umodzi pa lililonse: mulembemo chiyani?

"Aphunzitsi amene akuyang'anira kafukufuku wanga andipatsa mabuku ndi nkhani 60. Akufuna ndilembe mndandanda wake, ndipo pansi pa chilichonse pakhale mzere umodzi wonena chifukwa chake chikundikhudza. Ndalemba 12 koma mizere yonse ikungofanana. Ndikulakwitsa pati?"

Achemwali, ngakhale sindinaione mizereyo, ndikukhulupirira kuti yambiri ikuyamba ndi mawu akuti "Nkhaniyi ikukamba za…". Vuto lagona pamenepo. Mzere wotere umangobwereza mutu wa nkhani, umene owerenga auona kale pamwamba. Aphunzitsi anu akufuna kudziwa ntchito imene nkhaniyo ikugwirireni inuyo.

Choncho musanatsegule buku lina, lembani funso la kafukufuku wanu pakapepala, likhale chiganizo chimodzi, muliike pomwe maso azigwera. Popanda funso mulibe choyezera, ndipo buku lililonse limaoneka lofunika.

Tiyerekeze kuti funso lanu ndi ili: kodi kugwiritsa ntchito foni usiku kumachepetsa tulo kwa achinyamata? Mwatenga nkhani ina ya m'magazini ya kafukufuku. Mzere wofooka ungati: "Ikufotokoza za mafoni ndi tulo pakati pa achinyamata." Mawu amenewa angakwane pansi pa theka la mndandanda wanu. Wabwino ungati: "Yapeza kuti okhalitsa pafoni amagona maola ochepa, koma inawafunsa kamodzi kokha, ndiye sikusonyeza chimene chinayamba, ndiigwiritsa ntchito m'mawu oyamba." Onani kuti muli zinthu zitatu: chimene yapeza, pamene umboni wake wathera, ndi pamene muiike m'ntchito yanu.

Chachiwiricho ndi chimene ambiri amachilumpha, pomwe ndicho chimasiyanitsa nkhani zofanana mitu. Kafukufuku wofunsa anthu kamodzi sangatiuze ngati foni ndiyo ikuthawitsa tulo, kapena ngati mwana wosowa tulo ndiye akutola foni kuti usiku uche. Kafukufuku wotsata ana omwewo kwa zaka zingapo amayandikirako ku yankho. Wina amadalira zimene ana anena okha, wina amawaveka kachipangizo padzanja koyeza tulo. Mukalemba kusiyana kumeneku, mizere yanu singafanane, chifukwa nkhani yachiwiri ingakhale ndi mzere wakuti: "Inatsata ana omwewo ndi kuyeza tulo ndi chipangizo, ndi umboni wanga waukulu m'mutu wachitatu."

Simukuyenera kuwerenga zonse 60 tsamba ndi tsamba kuti mufike apa. Nkhani iliyonse ipatseni mphindi 15. Werengani chidule cha pamwamba, ndime zomaliza za mawu oyamba, gawo lofotokoza mmene anachitira kafukufuku, kenako mawu omaliza, makamaka pomwe olemba akuvomereza zofooka za ntchito yawo. Buku lalikulu, onani tsamba la zamkatimu ndi mlozera wa kumapeto, musankhe mutu umodzi kapena iwiri, ndipo mzere wanu utchule mutuwo ndi masamba ake. Zonse pamodzi ndi maola 15, ntchito ya sabata imodzi. Mzerewo lembani nthawi yomweyo musanatseke nkhaniyo, pakuti pofika yachisanu zimakhala zitasakanikirana m'mutu.

Ndikuchenjezeni pa chimodzi chimene chinandichititsapo manyazi. Ndinalemba mzere kuchokera pa chidule chokha, ndikuti nkhaniyo ikugwirizana ndi mfundo yanga. Patapita miyezi, nditaiwerenga yonse, ndinapeza kuti anthu amene anafufuzidwa anali achikulire, osati a msinkhu umene ndinkafuna. Ndinafufuta ndime yathunthu imene ndinaimanga pa mzere umenewo. Kuyambira pamenepo, chimene ndangowerenga chidule ndimachiika kanyenyezi, ndipo sindichitchula m'ntchito yanga kanyenyeziko kasanachoke.

Padzakhala zina zimene mzere udzakana kutuluka. Mukayesa kawiri n'kulephera kumaliza chiganizo chakuti "ndiigwiritsa ntchito pa…", musakakamize. Poti mndandanda munachita kupatsidwa, musaichotse mwakachetechete, lembani zoona: "Ikukamba za ana aang'ono, kunja kwa msinkhu wanga, sindiigwiritsa ntchito." Umenewonso ndi mzere wokwanira. Koma nkhani yotsutsana ndi maganizo anu isalowe m'gulu lotayidwali. Imeneyo ndi yofunika kwambiri, ndipo mzere wake unene poyera kuti ikutsutsa chiyani.

Za kalembedwe ka mayina, funsani aphunzitsi ngati akufuna APA, MLA kapena Chicago, mutsate imodzi. Mu APA mumatsata alifabeti ya mayina a makolo a olemba, chaka chimabwera pambuyo pa dzina, ndipo ndemanga imayamba pa mzere watsopano. Pulogalamu yaulere ya Zotero imadzaza mayina, zaka ndi mitu mukaipatsa DOI, nambala yozindikiritsa nkhani ya kafukufuku ija imayamba ndi 10, ngakhale muziyang'anabe mayina ndi zaka chifukwa nthawi zina imatola zolakwika.

Tsopano bwererani ku 12 zija. Phimbani mitu ndi dzanja, muwerenge mizere yokha. Pomwe simungathe kudziwa kuti mzerewo ndi wa nkhani iti, tsegulaninso gawo la mmene anachitira kafukufuku, mulembenso.