Nikelo, zakuda ndi bulasi m'khitchini imodzi

"Abale, ndithandizeni nzeru. Tikumaliza khitchini ku Luwinga kuno ku Mzuzu. Mpopi tinagula kale wa nikelo wosawala uja, bambo akunyumba abwera ndi zogwirira makabati zakuda zosanyezimira, ndiye achemwali anga atipatsanso nyale ziwiri zolendewera za bulasi. Zitatuzi zingakhalire limodzi osaoneka ngati zotolatola, kapena tibweze zina?"

Musabweze kalikonse, Mayi, ndipo bambowo musawadzudzule, chifukwa zakuda zomwe agulazo ndi zimene zikupulumutseni. Chitsulo chakuda sichilimbana ndi china chilichonse. Amene amakangana akayandikana ndi nikelo ndi bulasi, ndipo nkhani yonse ili pa awiriwa.

Tengani mpopi wanuwo muuike pafupi ndi mpopi wa kolomu, wonyezimira ngati galasi uja. Muona kuti kolomu akupita kumtundu wobiriwira ngati thambo, pomwe nikelo ali ndi kachikasu pang'ono mkati mwa kutuwa kwake. Kachikasu kameneko n'kamene kamachititsa kuti nikelo azigwirizana ndi bulasi kusiyana ndi kolomu, choncho munasankha bwino. Koma n'komwekonso kamabweretsa vuto. Awiriwa akakhala moyandikana kwambiri, makamaka usiku babu lachikasu litayaka, nikelo amaoneka ngati bulasi wosuluka, ndipo mlendo amangoganiza kuti munkafuna zofanana koma zinakutherani mu shopu. Diso la munthu silidandaula zinthu zikasiyana poyera. Limadandaula zikafanana pang'ono koma osafanana kwenikweni.

Ndiye chitani izi: chitsulo chilichonse mupatse ntchito yake, ndipo chisalowerere ntchito ya chinzake. Zonse zokhudza madzi zikhale za nikelo, zonse zogwira ndi manja potsegula zikhale zakuda, zonse zam'mwamba zokhudza kuwala zikhale za bulasi. Mukatero bulasi akhala kumwamba, nikelo akhala pa sinki, ndipo pakati pawo pali mzere wa zogwirira zakuda wowalekanitsa.

Musanagule china chilichonse, imani pakhomo la khitchiniyo muwerenge zitsulo zimene zilimo kale, ngakhale zomwe simunaziganizire. Ambiri amaiwala pamenepa. Sinki yachitsulo chosachita dzimbiri ili kumbali ya nikelo. Filiji yotuwa ilinso kumbali ya nikelo. Zitsulo zoteteza akuba za pa windo, ngati zapakidwa utoto wakuda, zili kumbali yakuda, ndipo kuno kwathu zitsulo zimenezi zimatenga malo ambiri kuposa handulo iliyonse. Ngati mafelemu a mawindo ndi a aluminiyamu yotuwa, awonso awerengeni ndi nikelo. Palinso loko wa pa chitseko, mahinjesi ake, chitsulo chopachikapo katani ndi maswichi.

Tiyerekeze kuti khitchini yanu ndi ya mamita 3 ndi 4, ili ndi zitseko za makabati 14 ndi madirowa 6. Ndiye kuti zogwirira zakuda ndi 20, osawerengera zitsulo za pa windo. Mwachionekere chakuda ndiye mwini nyumba. Nikelo ali ndi mpopi, sinki ndi filiji: zinthu zochepa koma zikuluzikulu, ndiye ndi wachiwiri. Bulasi ali ndi nyale ziwiri basi. Okongoletsa nyumba amakonda kunena za kugawa 60, 30 ndi 10 pa 100 alionse, kutanthauza kuti chimodzi chilamulire, china chithandize, chachitatu chingoonekera apo ndi apo. Musavutike ndi masamu ake, ndi muyeso wa diso chabe. Chimene mupewe ndi kugawa zitatuzo mofanana, chifukwa zikalingana mphamvu palibe chotsogolera ndipo m'pamene chipinda chimaoneka chosokonekera.

M'khitchini yotereyi ine ndingawonjezere chinthu chimodzi chokha cha bulasi, kutali ndi sinki, kuti nyalezo zisaoneke ngati zasochera. Chikhoza kukhala chitsulo chopachikapo makapu pakhoma la kutsidya, kapena wotchi yapakhoma ya mkombero wa bulasi. Zikwane pamenepo. Loko wa chitseko cholowera akhale wakuda popeza ndi wogwira ndi manja, ndipo mahinjesi a chitsekocho atsatire lokoyo. Apa muwauziretu akalipentala, chifukwa mukangowasiya akagula mahinjesi achikasu otchipa aja omwe amapezeka paliponse, n'kukhomera ndi masikuluwu oyera, chitseko chimodzi n'kukhala ndi mitundu itatu. Mahinjesi a makabati musadere nawo nkhawa. Obisika aja, olowa m'bowo la mamilimita 35, nthawi zambiri amakhala otuwa ndipo saoneka chitseko chikatsekedwa.

Ngati imodzi mwa nyalezo mumafuna kuipachika pamwamba penipeni pa sinki, sinthani maganizo. Zipachikeni zonse ziwiri pamwamba pa tebulo kapena pa kauntala yodyerapo, kuchokera pa tebulo kufika pansi pa nyale pakhale masentimita 75 mpaka 90. Pa sinki ikanipo nyale yobisika pansi pa kabati kapena yolowa mu siling'i, yosaonetsa chitsulo.

Tsopano za bulasi, pomwe anthu ambiri amapunthwa. Nikelo wosawala wa makampani osiyana amasiyana pang'ono, koma munthu sazindikira msanga. Zakudanso chimodzimodzi, bola zonse zikhale zosanyezimira. Koma dzina loti bulasi limabisa mitundu yambiri. Pali wonyezimira wachikasu kwambiri, pali wosawala wofewa m'maso, pali wodetsedwa dala kuti azioneka wakale, ndipo pali zina zolembedwa kuti golide zomwe zimapita kofiirira. Bulasi ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki, ndipo mkuwa ukachuluka amafiira, zinki ikachuluka amayezuka n'kukhala wachikasu. Mukaika mitundu iwiri ya bulasi m'chipinda chimodzi ndiye kuti muli ndi zitsulo zinayi, osati zitatu. Choncho popita kukagula chowonjezera chija, kaya m'mashopu a hadiweya m'tauni kaya kwa ogulitsa katundu wochokera ku Tanzania, masulani kachitsulo kamodzi ka nyale yanu, monga kambale kophimba mawaya ku siling'i, mupite nako m'chikwama. Chithunzi cha pa foni chimanama mtundu. Mukafika, pemphani kutuluka nazo panja muziyerekeze padzuwa, chifukwa magetsi oyera a mu shopu amafafaniza kusiyana.

Popeza mpopi wanu ndi wosawala ndipo zogwirira n'zosanyezimira, bulasi wosawala ndiye angakhale bwino koposa. Ngati nyale za achemwali anu ndi zonyezimira kwambiri, zisiyeni zikhale zokhazo zonyezimira m'chipindamo, ndipo chowonjezeracho chikhale chaching'ono.

Tenganinso maginito. Bulasi weniweni sagwidwa ndi maginito. Akamatirira, dziwani kuti mkati ndi chitsulo wamba chongokutidwa kunja, ndipo ndi chinyezi cha Mzuzu, mvula yake yosatha msanga ndi nkhungu ya m'mawa mu June ndi July, kuwonjezapo nthunzi ya mapoto, chotere chimayamba timadontho ta dzimbiri m'makona ndi pozungulira masikuluwu. Koma maginito akapanda kugwira musafulumire kusangalala, chifukwa zinki yokutidwa nayonso sigwidwa. Kandani pang'ono kuseri, pamalo posaoneka: pakatuluka chikasu ndi bulasi, pakatuluka zotuwa ndi zinki. Nyale yokutidwa siyoipa poti palibe amene amaigwiragwira. Kumene zokutira zimakhumudwitsa ndi pa zinthu zogwidwa tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake sindikukulangizani kugula zogwirira makabati za bulasi wotchipa. Funsaninso ngati nyalezo zinapakidwa vanishi. Bulasi wopanda vanishi amada pang'onopang'ono n'kukhala wofiirira. Ena amakonda zimenezo, koma ngati nyale zikuda pomwe chowonjezera chija chopakidwa vanishi chili chowala, pakatha chaka sizidzafanananso.

Mababu nawo amasintha zonse. Pabokosi pamalembedwa nambala yothera ndi K. La 6500K ndi loyera kwambiri lija lomwe ladzaza m'magolosale, ndipo limachititsa bulasi kuoneka wobiriwira ngati wadwala. La 2700K ndi lachikasu, limakometsa bulasi koma limakankhira nikelo kuchikasu, vuto lomwe ndatchula lija. Pa zitsulo zitatuzi funafunani 3000K, mukalephera tengani 4000K, ndipo mababu onse a m'khitchinimo akhale a nambala imodzi. Yesani usiku: yalani mpopi, chogwirira chimodzi ndi nyale pa kauntala, pafupi ndi chidutswa cha thabwa la kabati ndi tailosi imodzi, muyatse babu, mubwerere mpaka pakhomo muyang'ane. Ngati kuchokera pamenepo mukutha kusiyanitsa nikelo ndi bulasi mosavuta, zili bwino.

Mtundu wa makabati simunatiuze. Ngati ndi oyera, otuwa kapena obiriwira, zonse zikhala bwino. Ngati ndi a paini wa ku Chikangawa wopakidwa vanishi, dziwani kuti painiyo amapita kuchikasu akamakalamba, ndipo bulasi woikidwa pa thabwa lotero amamira osaoneka. Zogwirira zakuda pa paini zimaoneka bwino zedi, koma chowonjezera cha bulasi chija chiikeni pakhoma loyera kapena pa matailosi. Makabati akakhala akuda bii, zogwirira zakudazo zisowa, ndipo pamenepo pokha m'pamene ndinganene kuti musinthe mugule za nikelo.

Akalipentala asanaboole zitseko, yezani mtunda wa pakati pa mabowo awiri a chogwirira. Miyezo yodziwika ndi mamilimita 96, 128 ndi 160. Zogwirira zanu zikakhala za umodzi mwa miyezo imeneyi, tsiku lina mukadzatopa nazo mudzangomasula n'kuika zina popanda kuboolanso. Gulaninso ziwiri kapena zitatu zosungira panopa, kwa amene anakugulitsaniyo. Katundu wa mtundu umenewu amabwera kamodzi, akatha wotsatira amabwera wakuda mosiyana kapena wa mawonekedwe ena.

Za kasamalidwe ndingonena chimodzi, muwauzenso onse otsuka mbale pakhomopo. Waya wokwechera mapoto, phulusa ndi sopo waufa wokhakhala zisayandikire chilichonse mwa zitatuzi. Chakuda chosanyezimira chikakwechedwa chimasiya malo owala omwe sabwereranso, ndipo m'mbali mwake utoto umayamba kusupuka. Chimaonetsanso msanga ufa, fumbi lofiira la m'chilimwe ndi zala za mafuta, ndiye zogwirira za pafupi ndi mbaula muzizipukuta pafupipafupi ndi kansalu kofewa konyowa, kothira sopo wamadzi pang'ono, kenako kouma. Mpopi wa nikelo muziupukuta motsatira timizere take, osati mopingasa. Mandimu ndi viniga amachotsadi zoyera zosiyidwa ndi madzi, koma musawasiye nthawi yaitali pa nikelo, ndipo pa bulasi wokutidwa kapena wa vanishi musawagwiritse ntchito n'komwe.

Mukatha, tumizani chithunzi cha nyalezo chojambulidwa panja masana, pamodzi ndi mtundu wa makabati, tione ngati chowonjezeracho chikhale cha bulasi wosawala kapena wakale.