Za kupsa mtima kwanuko achimwene, taonani kaye chimene chabisala kuseli

"Abale ndithandizeni. Ndimapsa mtima msanga moti dzana ndinaphwanya foni ya mayi akunyumba chifukwa ndinawaimbira kasanu osayankha. Ola limodzi litadutsa ndinayamba kuchita manyazi. Kodi pali mankhwala ake? Nanga makhansala a za maganizo amalipiritsa zingati?"

Achimwene, za mankhwala ndi mitengozo akuyankhani ena, ine ndikuuzani zomwe ndinadutsamo ndekha. Koma chonde awo akulemba kuti "mwamuna amatero kumene" musawamvere, ngakhalenso awa akuti mukagule pilo muzimenya mtima ukapsa, chifukwa nzeru imeneyo ine inandivalitsa chikhakha masabata 6.

Mwana wanga wamkazi ali fomu 2 ankapita ku patitaimu, amayenera kufika pakhomo 5 koloko. Tsiku lina inakwana 6 sanafike, magetsi anali atazima dera lonse, 7 koloko osaoneka. Ndinazungulira kwa anzake awiri, ndinafika mpaka pa siteji, m'mutu mukungobwera zithunzi zoipa zokhazokha, kabaza wamugunda, anyamata am'kokera pa mlatho paja. M'mimba munkachita kuzizira. Cha m'ma 7:30 ndikumva geti kutseguka, mwana uja akulowa bwinobwino atanyamula chikwama chake, akuti aphunzitsi anawonjezera nthawi kenako kunagwa mvula ndiye anabisala pa golosale. Mukuganiza ndinamukumbatira? Ndinakalipa mpaka aneba anatuluka panja, ndinamuuza mawu oti sindingawalembe pano, ndipo poti mnzanga wina ankandiuza kuti mkwiyo usamausunge uziutulutsa pa chinthu, ndinamenya chitseko cha kuchipinda ndi chibakera. Fupa la kuseli kwa chala chaching'ono linathyoka. Ekisileyi ndi chikhakha pa kachipatala kena kolipira zinandidyera mwina 60 sauzande nthawi imeneyo, ndipo mwana anatha pafupifupi mwezi akundilankhula mawu awiri okha, "eya" ndi "ayi".

Chomwe ndinadzamvetsa pambuyo pake nchakuti maola awiri ndi theka onse aja ine sindinali wokwiya, ndinali ndi mantha. Mkwiyo unabwera pa sekondi yomwe ndinaona kuti mwana ali moyo. Thupi linali litadzaza kale ngati mpira wopopa kwambiri, ndiye mantha aja atasowa kopita anatulukira pakamwa ngati ukali. Ndipo ukali umakoma pa nthawiyo, tisanamizane. Ukamaopa umadziona wochepa, wopanda chochita, koma ukakwiya umamva mphamvu, mawu amakwera, aliyense m'nyumba amakhala chete. Nchifukwa chake mtima umathamangira ku mkwiyo. Makamaka ife amuna amene tinakula tikuuzidwa kuti mwamuna salira, kunena kuti "ndinaopa" kapena "mawu ako andilasa" kumativuta kuposa kuswa mbale.

Ndiye inu bwererani pa mafoni asanu aja mmodzimmodzi. Woyamba osayankhidwa, mwina simunamve kalikonse. Wachiwiri, wachitatu, munayamba kudziuza chani mumtima? Pamenepo ndi pomwe pali nkhani yonse. Ngati mumati "achita ngozi", amenewo ndi mantha. Ngati mumati "ali ndi wina", ndi mantha omwewo koma oopa kusiyidwa. Ngati mumati "akuiona foni koma sandiwerengera ine", kumeneko ndi kuwawidwa mtima, kudzimva kuti mwapeputsidwa. Zitatuzi kunja zimaoneka chimodzimodzi, foni yoswekayo, koma zofunika kukambirana ndi mayiwo ndi zosiyana kotheratu. Ine ndimadzifunsa funso limodzi lokha, mkwiyo usanafike, masekondi ochepa m'mbuyo mwake, ndinamva chani m'thupi? Kuzizira m'mimba ndi kuuma kukamwa kwa ine amakhala mantha. Kutentha kumaso ndi kufuna kuyang'ana pansi amakhala manyazi, monga tsiku lomwe akazi anga ananena pamaso pa alamu kuti lendi ya mwezi umenewo analipira ndi iwo. Chinali chilungamo, koma ndinakalipira nkhani ya mchere mu ndiwo usiku wake.

Sindikunena kuti mkwiyo uliwonse uli ndi china pansi pake ayi. Munthu akakuberani malire a munda kapena bwana akakudulani malipiro popanda chifukwa, kukwiya ndi kukwiya basi ndipo nkoyenera. Komanso njala, kusagona ndi matsire zimafupikitsa mtima popanda bala lililonse lakale. Poti muzindikire kuti pali chobisala, onani kukula kwake. Nkhani ikakhala ya 100 kwacha koma ukali wake wa 10 sauzande, ndipo pambuyo pake mukuchita manyazi m'malo momva kuti mwachita bwino, dziwani kuti mwakalipira china.

Tsopano za momwe chimakwerera ndi kutsika, apa ndi pomwe ndinapindula kwambiri. Mu ubongo muli kachigawo kotchedwa amigidala, kali ngati mlonda woliza wezulo, kakangoona choopsa kamaliza musanaganize nkomwe, ndipo sikasiyanitsa bwino pakati pa galu wolusa ndi mawu onyoza. Wezulo ikalira, tiziwalo tili pamwamba pa impso timathira adirenalini m'magazi, mtima umagunda msanga, mpweya umafupika, nsagwada ndi manja zimalimba, ndipo mbali ya ubongo ya pachipumi yomwe imayeza zinthu ndi kukuletsani imagwira ntchito mofooka. Zonsezi zimatenga masekondi. Katswiri wina wa ubongo wa ku Amereka, Jill Bolte Taylor, amati funde loyambalo limadutsa m'masekondi pafupifupi 90 ngati simukuliwonjezera. Musaitenge nambalayo ngati lamulo, koma ine nditayesa ndi wotchi ndinaona kuti nsonga yeniyeni, pomwe dzanja limafuna kugenda chinthu, siikhalitsadi. Vuto ndi loti timasonkhezera tokha. Moto ukayamba kuzilala umakumbuka kuti "chaka chathanso anatero", "mayi ake ndi omwe amamuuza", ganizo lililonse ndi chikuni chatsopano, wezulo imaliranso, ndiye munthu umati ndakwiya ola lathunthu pamene ndi mafunde 20 otsatizana.

Ndipo nsonga ikadutsa musaganize kuti zatha. John Gottman, yemwe anafufuza mikangano ya m'mabanja kwa zaka zambiri, anapeza kuti mtima ukamagunda kupitirira ka 100 pa mphindi munthu samvanso bwino zomwe mnzake akunena, ndipo pamafunika mphindi zosachepera 20 kuti thupi libwerere m'malo. Ine apa ndinkalakwitsa kwambiri, ndimatuluka panja mphindi 5, ndikumva ngati ndazizira, kubwerera m'nyumba kuti tikambirane, mawu amodzi okha zayambiranso kuposa poyamba. Zili ngati mbaula yoti pamwamba pali phulusa koma makala akadali ofiira, ndipo kutentha kotsalako kumatha kukhala maola. Nchifukwa chake mukayambana ndi kondakitala pa nkhani ya chenji madzulo, wolandira ukali wake amakhala mwana amene wataya tiyi kunyumba.

Zomwe ndimachita pano ndi izi, ndipo ndinagwirizana ndi akazi anga tsiku lomwe tinali pa mtendere, osati mkati mwa mkangano. Ndikamva nsagwada zalimba ndimaika pansi chilichonse chili m'manja, foni, kapu, kiyi, kenako ndimanena kuti "ndapsa mtima, ndikubwera pakatha mphindi 30". Kunena nthawi yobwererako nkofunika zedi, mukangotuluka mwakachetechete nkumenyetsa chitseko mnzanuyo amaona ngati mwamuthawa kapena mukumulanga, naye mantha ake amakwera ndipo amakutsatirani mpaka pa geti. Ndimayenda pang'onopang'ono kukafika pa mjigo ndi kubwerera, kupuma ndimakoka mpweya kuwerenga mpaka 4, kutulutsa kuwerenga mpaka 6 kapena 8, chifukwa potulutsa mpweya mwapang'onopang'ono ndi pomwe kugunda kwa mtima kumatsika. Chovuta kwambiri ndi kusakonza mlandu m'mutu uku ukuyenda. Ukayenda mphindi 30 ukuloweza zomwe ukamuyankhe umabwerako uli woopsa kuposa momwe unachokera, ine ndimawerenga mapolo a magetsi kapena nyumba za malata ofiira kuti mutu ukhale ndi chochita. Ndisanalowe ndimagwira mtsempha wa padzanja masekondi 15 nkuchulukitsa ka 4, ikakhala idakali pafupi ndi 100 ndimazunguliranso.

Pa nthawi imeneyo musapite ku bala, mowa umamasula mabuleki omwe atsala kale pang'ono. Musayendetse galimoto kapena njinga yamoto. Musalembe uthenga pa WhatsApp, makamaka kwa apongozi kapena ankhoswe, uthenga umatsala ngakhale mkwiyo utapita. Ndipo za pilo zija, wofufuza wina dzina lake Brad Bushman anayesa mu 2002, anthu okwiyitsidwa amene anamenya thumba la ankhonya uku akuganizira wowakwiyitsayo anatuluka okwiya kwambiri kuposa amene anangokhala phee osachita kanthu. Thupi mumakhala mukuliphunzitsa kuti kupsa mtima kumatha ndi kumenya.

Mukabwerera yambani ndi chapansi chija. Kwa mwana wanga, patapita masiku ambiri, ndinakhala naye pakhonde dzanja lili m'chikhakha, ndinati "tsiku lija ndinkaganiza kuti wafa, ndinaopa kwambiri, koma mawu ndinakuuza aja ndinalakwa ndine". Analira, nanenso misozi inalengeza. Onetsetsani kuti mantha anuwo asasanduke chozembera, osati "ndinaswa chifukwa unandiopsa", foni munaswa ndinu ndipo mugule ina, ngakhale ya mabatani kaye pamene mukusonkhanitsa ndalama. Dziwaninso kuti mayiwo panopa akhoza kukhala kuti akukuopani, munthu akaona chinthu chake chikuswedwa amadzifunsa kuti mawa chidzasweke ndi chani, ndiye musawakakamize kuti akhululuke lero lomwe.

Ngati munayamba mwawakankhapo, kuwamenya kapena kuwaopseza, kapena kuswa zinthuku kukuchitika mwezi ndi mwezi, za kuyenda ku mjigozi pazokha sizikwanira, pitani mukaonane ndi anthu odziwa. A St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ndipo amaona za maganizo, kapena funsani pa chipatala cha boma cha m'boma lanu kuti woona za matenda a maganizo amapezeka tsiku liti. Mukafika kumeneko yezetsaninso BP, ine yanga inapezeka yokwera tsiku lomwe ankandimanga dzanja lija ndipo ndinali ndisanayezetsepo chibadwire.