Jakisoni wa pantchafu amene amabaya mwana akangobadwa

"Amayi anzanga a m'gulu lino, ndachira sabata yatha kuno ku Salima. Mwana atangobadwa anamwino anamubaya jakisoni pantchafu, ati vitamini K. Apongozi anga akudandaula kuti mwana wosadwala amubayiranji. Kodi ndi katemera kapena chiyani?"

Mwachira bwino mayi, tathokoza. Ine ndine mzamba, ndipo jakisoni ameneyu ndabaya ana ambirimbiri.

Si katemera ayi. Katemera wa chifuwa chachikulu ndi uja wa pamkono amene amasiya chipsera, wa poliyo ndi uja wodonthezera m'kamwa. Vitamini K ndi chakudya chimene chiwindi chimafuna kuti chipange zinthu zoundanitsa magazi. Inu mukadzicheka ndi mpeni potumbula chambo, magazi amaleka okha pakangopita kanthawi chifukwa vitaminiyu muli naye wokwanira. Mumamupeza mu nkhwani, bonongwe ndi mpiru, wina amapangidwa ndi tizilombo tabwino ta m'matumbo mwanu.

Khanda lilibe mwayi umenewo. Vitamini K amadutsa pang'ono kwambiri mu nsengwa, m'matumbo mwa mwana tizilombo tija timakhala tisanakhazikike, ndipo mkaka wa m'mawere, ngakhale ndi wabwino koposa, uli naye wochepa. Musati mwina simunkadya bwino muli oyembekezera. Ngakhale mutamadya masamba mbale yodzaza tsiku ndi tsiku, wofika kwa mwana sangakwane. Ndiye timabaya miligalamu 1 mumnofu wa ntchafu, kamodzi kokha, ndipo kamwana kochepa thupi kwambiri timakapatsa wocheperapo. Mankhwalawo amasungika m'thupi n'kumagwira ntchito miyezi ingapo, mpaka mwana atayamba phala pa miyezi 6.

Apongozi anu auzeni mwaulemu kuti akunena zoona, mwanayo sakudwala. Vuto lake lagona pomwepo, chifukwa mwana wosowa vitaminiyu amaoneka bwinobwino mpaka tsiku limene ayambe kutaya magazi. Mu sabata yoyamba zimaonekera: mchombo umangonyowa magazi, chimbudzi chimatuluka ndi magazi, kapena pamene anabayidwa sipakuuma. Chimene chimatiopsa ife ndi chobwera mochedwa, kuyambira sabata 2 kufika 12, nthawi zina mpaka miyezi 6. Apa ana pafupifupi theka amatayira magazi mu ubongo, kunja osaona dontho.

Sindimuiwala mwana wina wa sabata 5 wochokera kumudzi wina wa m'mbali mwa nyanja. Anabadwira kunyumba usiku, matenda atafulumira, ndipo mayi ake atatuluka m'chikuta sanaone chopitira kuchipatala poti mwana ankayamwa bwino, wonenepa ndithu. Atayamba kuliralira, agogo ake anamutema mphini ziwiri pachifuwa. Timabala tating'ono ngati timeneto tinachucha magazi usiku wonse, nsalu kusintha kangapo. Icho chinali chizindikiro chachikulu, koma anadikira. Mmene amafika kwa ife tsiku lachiwiri, mwana anali atasiya kuyamwa, zikhatho zili mbuu, liwombo litatupa n'kulimba, dzanja limodzi likugwedezeka lokha. Tinamubaya vitamini K, mphini zija zinaleka kuchucha tsiku lomwelo, anamuwonjezera magazi n'kumutumiza ku Lilongwe. Anapulumuka, koma pamene ndinadzamuonanso kusikelo, mkono ndi mwendo za mbali imodzi zinali zofooka. Magazi akaononga ubongo, vitamini sabwezeretsa pamene paonongeka.

Za liwombo ndiime pang'ono, poti kwathu kuno timathamangira kupaka mankhwala. Liwombo lolowa m'kati nthawi zambiri ndi kuchepa kwa madzi m'thupi. Lotupa pamene mwana ali chete, osalira, ndi la kuchipatala ola lomwelo, kaya ndi magazi kaya ndi matenda oumitsa khosi. Chimodzimodzi mabala obiriwira pakhungu mwana asanagwe paliponse, kusanza magazi, ndi chimbudzi chakuda bii masiku atatu oyamba aja atadutsa. Chikasu chopitirira sabata ziwiri limodzi ndi chimbudzi chotuwa nachonso musachisunge, chifukwa mwana wa vuto la ndulu satha kutenga vitamini K kuchokera mu mkaka.

Kwa oyembekezera amene mukuwerenga: ngati mumamwa mankhwala a khunyu monga fenobabitoni, a chifuwa chachikulu, kapena ochepetsa kuundana kwa magazi, nenani kusikelo. Mwana wanu akhoza kutaya magazi tsiku loyamba lenilenilo, ndiye azamba ayenera kukonzekeratu. Koma musaleke kumwa panokha.

Amene munachirira kunyumba kapena panjira, pitani naye mwana mukanene kuti sanabayidwe, ngakhale papita masiku. Nthawi zinanso mankhwala amatha m'zipatala, choncho funsani ndithu ngati anabaya. Wanuyo mayi analandira kale. Pantchafupo pakatupa pang'ono musatikite kapena kuthowa ndi madzi otentha, papola pokha.